Wogulitsa Wabwino Sadziwika ndi Ndalama Zokha

Tiyerekeze kuti kampani yogulitsa sopo ndi mafuta ophikira ili ndi anyamata awiri oyenda m'magolosale a ku Ndirande. Woyamba wagulitsa katundu wa K10 miliyoni pamwezi, mnzake wa K8 miliyoni. Bwana wothamangira chiweruzo angapereke bonasi kwa woyambayo.

Koma tatsegulani buku la ngongole. Woyamba uja anakakamiza eni magolosale kutenga makatoni ochuluka pangongole. Katundu wa K2 miliyoni wabwezedwa, ndipo K1 miliyoni sinalipidwebe. Ndalama zimene zalowadi ndi K7 miliyoni. Mwezi wamawa ena mwa makasitomala amenewa sadzamuyankhanso foni, chifukwa mashelefu awo adakali odzaza.

N'chifukwa chake ndimakonda kugawa mamalikisi 100 pawiri. Mamalikisi 60 apite ku ndalama zimene zatoleredwa, osati zongolembedwa pa invoisi. Otsala 40 ayeze ubale: mwa makasitomala 50 a mwezi watha, ndi angati aodanso? Dandaulo limatha masiku angati lisanakonzedwe?

Mayankho amenewa asachokere kwa wogulitsa mwiniwake. Bwana aimbire yekha makasitomala asanu osankhidwa mwachisawawa, n'kuwafunsa ngati katundu anafika monga analonjezera. Akamusiyira wogulitsa kusankha, adzangotchula anzake.