Magemu ndi ambirimbiri, inu mudzifunse mafunso atatu

Mukatsegula Steam, msika waukulu wa magemu a pa kompyuta, n'kulemba zilembo zitatu zoti RPG, mndandanda umene umabwera sungathe kuwerengedwa tsiku limodzi. Awa ndi magemu amene wosewera amatenga malo a munthu wa m'nthano, kaya ndi msilikali, wapolisi wofufuza milandu kapena mwana wasukulu, n'kumamusankhira zochita, zolankhula ndi luso loti akule nalo. Gwero lake ndi Dungeons & Dragons, sewero la patebulo la mapepala ndi madayisi lomwe linatuluka ku America mu 1974. Lero alipo masauzande, ndipo aliyense amene mungamufunse amakuuzani kuti yabwino koposa ndi imene iyeyo anasewera.

Funso loti "yabwino ndi iti?" silichepetsa mndandanda. Gemu imene inatenga mphoto zambiri ikhoza kukhala yomwe inuyo mudzaisiye pakatha sabata. Chimene chimathandiza ndi kufunsa za wosewerayo: ali ndi nthawi yochuluka bwanji, ndi vuto lotani limene angapirire, nanga akufuna nkhani yomusiya ali ndi mtima wotani. Ntchito ya mafunsowa ndi kutaya, monga muja mayi amachitira popeta mphale, kuti m'lichero mutsale zochepa zoti munthu n'kuziyang'ana bwinobwino.

Tiyerekeze kuti pali mphunzitsi wa kusekondale amene ali ndi laputopu, ndipo anzake amupatsa mayina asanu ndi atatu: Persona 5 Royal, Baldur's Gate 3, Elden Ring, The Witcher 3, Dragon Quest XI, Disco Elysium, Chrono Trigger ndi Undertale. Onsewa ndi magemu otchuka, ndipo palibe woipa. Tione mmene angawachepetsere.

Nthawi: yambani ndi masamu

Funso la nthawi limayamba chifukwa ndi lokhalo limene yankho lake ndi nambala. Mphunzitsi wathu amapeza maola 5 pa sabata, pafupifupi mphindi 45 usiku akamaliza kuchonga. Akufuna nkhaniyo ithe mkati mwa teremu imodzi, tinene masabata 13. Ndiye kuti ali ndi maola 65.

Utali wa gemu umapezeka mosavuta pa HowLongToBeat, pomwe osewera amalemba maola amene anatenga. Pamenepo pamakhala manambala atatu. Main Story ndi ya munthu amene wangotsatira nkhani yaikulu, Main + Extras ndi ya amene wapatukako kukagwira tintchito ta pambali, ndipo Completionist ndi ya amene sanasiye kalikonse. Persona 5 Royal imadya maola pafupifupi 100 pa nkhani yaikulu yokha. Kwa mphunzitsiyu amenewo ndi masabata 20, ndiye yatuluka. Baldur's Gate 3, ya kampani ya Larian ya ku Belgium yomwe inatuluka mu 2023, nthawi zambiri imapitirira maola 65 pa nkhani yaikulu yokha, ndipo ambiri amadutsa 100. Nayonso yatuluka. The Witcher 3, Elden Ring ndi Dragon Quest XI zili pakati pa maola 50 ndi 60, ndiye zalowa movutikira. Disco Elysium ndi Chrono Trigger zili cha m'ma 20 mpaka 25, pomwe Undertale imatha m'maola osafika 10.

Pali msampha apa. Ngati ndinu munthu amene simungadutse phanga osalowamo, nambala yanu ndi yachiwiri ija, osati yoyamba. The Witcher 3 ya maola 50 imasanduka ya maola 100 mukayamba kuvomera ntchito iliyonse yomwe anthu a m'midzi ya mu gemuyo akupempha.

Komanso si kuchuluka kwa maola kokha, kaduliridwe kake n'kofunika. Funsani kuti gemuyo imalola kuseva ndi kuimitsa nthawi iti. Mu The Witcher 3 mukhoza kuseva pafupifupi paliponse bola musakhale pankhondo. Mu Persona 5 Royal, mukalowa m'nyumba za adani, mumaseva m'zipinda zapadera zokha. Elden Ring imadziseva yokha pafupipafupi koma ilibe batani loimitsira, moti mwana akalira pakati pa nkhondo, mdani sakudikirani. Kwa amene amasewera pa kompyuta yopanda batire kumene magetsi amazimazima, nkhani ya kusevayi si yaing'ono.

Kuvuta: kukuvutitsani pati?

Anthu akati gemu ndi yovuta amatanthauza zinthu zosiyana, ndipo muyenera kudziwa kuti akunena chiti. Kuvuta kwina ndi kwa zala. Mu Elden Ring, yomwe FromSoftware ya ku Japan inatulutsa mu 2022, muyenera kuona mdani akukweza chida n'kuzinda pa kanthawi koyenera. Mukachedwa pang'ono mwafa, ndipo chuma chomwe munatolera chimagwera pomwepo. Mukafanso musanakachitole, chapita. Gemuyi ilibe posankhira kuti ikhale yosavuta. Imafewa m'njira zina, monga kupita kaye kudera lina kukakulitsa mphamvu, kapena kuitana mizimu yokuthandizani kumenya, koma kufa kambirimbiri pa mdani mmodzi ndi mbali ya sewerolo.

Kuvuta kwina ndi kwa mutu. M'magemu omenyana mosinthanasinthana, monga Dragon Quest XI ndi Baldur's Gate 3, mdani amadikira mpaka inu mutasankha chochita. Zala sizivutika, koma muyenera kudziwa kuti ndani achiritse anzake, ndani amenye, ndipo matsenga ati asungidwe. Kuvuta kwachitatu ndi kwa kuwerenga. Disco Elysium ya mu 2019 ilibe nkhondo za masiku onse. Pafupifupi zonse zimachitika pokambirana, m'Chingelezi chozama chodzaza ndale ndi nthabwala zobisika, ndipo dayisi ndi imene imagamula ngati zimene mwayesa zatheka. Munthu amene watopa ndi kuwerenga tsiku lonse akhoza kuiona yolemetsa kuposa nkhondo iliyonse.

Mukadziwa mtundu wa kuvuta, funsani ngati kungasinthidwe. The Witcher 3 ili ndi milingo inayi, kuyambira Just the Story! mpaka Death March!, ndipo mukhoza kutsitsa pakati pa ulendo zikakukanikani. Chrono Trigger ili ndi zosankha ziwiri, Active ndi Wait. Mukasankha Wait, nthawi imaima pamene mukufufuza matsenga kapena mankhwala oti mugwiritse ntchito.

Mphunzitsi wathu akuti sakufuna kubwereza malo amodzi usiku wonse, chifukwa mphindi 45 zake zikhoza kuthera pa mdani mmodzi osasuntha. Elden Ring yatuluka. Kuwerenga sikumuopsa, ndiye Disco Elysium ikhale kaye. Undertale ili ndi tinkhondo tofuna kuzinda ndi zala, koma tambiri n'tosavuta, ndiye nayo ikhale. Pamndandanda patsala mayina asanu.

Mtima wa nkhani: musadalire chikuto

Funso lachitatu ndi limene ambiri amaiwala, komabe ndi limene limachititsa munthu kusiya gemu yomwe nthawi ndi luso lake zinali zokwanira. Kodi mukufuna kuseka, kuopa, kulira kapena kungoyenda m'dziko lokongola? Zithunzi za pachikuto zimanamiza. Persona 5 Royal ili ndi mitundu yowala ndi nyimbo zovinitsa, koma nkhani yake yoyamba ndi ya mphunzitsi wozunza ana asukulu ndi mtsikana amene akuyesa kudzipha. Undertale imaoneka ngati ya ana, yodzaza nthabwala, ndipo mukhoza kuimaliza osapha aliyense. Koma mukasankha kupha chilichonse chimene mwakumana nacho, imasanduka nkhani yozizira yomwe imakukumbutsani zimene mwachita.

Chizindikiro cha zaka chimathandiza pang'ono. Cha ku Ulaya, PEGI, chili ndi manambala 3, 7, 12, 16 ndi 18, ndi tizithunzi tosonyeza nkhanza, mawu otukwana kapena zogonana. The Witcher 3 ndi ya 18, pomwe Dragon Quest XI ndi ya 12. Koma nambala imangonena zimene zioneke pa sikirini, sinena kulemera kwa nkhani. Njira yabwino ndi kuonera vidiyo ya munthu akusewera kwa mphindi 15, cha pa ola lachitatu kapena lachinayi la gemuyo, osati kanema wotsatsa malonda. Mvetserani mmene anthu ake akulankhulirana, ndipo onani ngati nthabwala zake zikukusekani.

Mphunzitsi uja akuti amafuna chomupeputsa mtima asanagone. The Witcher 3, ya CD Projekt Red ya ku Poland, imachitikira m'dziko losakazidwa ndi nkhondo, ndipo gawo lake lotchuka la Bloody Baron ndi la mwamuna woledzera amene ankamenya mkazi wake. Ndi nkhani yolembedwa mwaluso, koma si ya munthu wofuna kupuma. Disco Elysium imaseketsa kwambiri, koma munthu wake ndi wapolisi amene mowa wamuiwalitsa ndi dzina lake lomwe, ndipo pansi pa nthabwalazo pali chisoni chachikulu. Zonse ziwiri zatuluka.

Zitatu zotsala

Patsala Dragon Quest XI, Chrono Trigger ndi Undertale. Apa kusankha kwapepuka, chifukwa iliyonse ikhoza kumukomera. Ziwiri zoyambazo anthu ake anajambulidwa ndi Akira Toriyama, mwini wa Dragon Ball, ndipo zonse ndi nthano za achinyamata opulumutsa dziko. Kusiyana kwake ndi kwakuti Dragon Quest XI idzadya teremu yonse, pomwe Chrono Trigger, ya mu 1995, imatha m'masabata asanu. Nkhani yake ndi ya Crono ndi anzake amene amayenda pakati pa zaka zamakedzana ndi zam'tsogolo, ndipo sichedwa pamalo amodzi. Imapezekanso pa foni, ndipo kuikopera sikudya bandulo yambiri poyerekeza ndi magemu atsopano ngati Baldur's Gate 3, yomwe imafuna malo opitirira 100 GB.

Chomaliza ndi kulawa musanadzipereke. Dragon Quest XI S ili ndi gawo laulere loyeserera la maola pafupifupi 10, ndipo mukagula gemu yonse mumapitiriza pomwe munalekezera. Pa Steam mukhoza kupempha kuti akubwezereni ndalama ngati simunapitirire maola awiri mukusewera komanso masiku 14 sanadutse chigulireni. Maola awiriwo muwagwiritse ntchito mwanzeru: musawathere popanga nkhope ya munthu wanu. Fikani pa nkhondo yoyamba, yesani kuseva ndi kutuluka, ndipo muone ngati mawa lake mukufuna kutsegulanso.

Magemu amene atayidwa asafufutidwe papepala. Lembani pambali pa iliyonse chifukwa chake: Persona 5 Royal, nthawi, Elden Ring, zala, Disco Elysium, mtima. Tchuthi chachitali chikafika, maola a mphunzitsi uja akhoza kukwera kufika 20 pa sabata, ndipo Persona 5 Royal yomwe inkafuna masabata 20 idzangofuna asanu.