Ndalama zafika zoperewera: kalata yopempha zotsala ilembedwe bwanji?

Aliyense amene amalandira ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba amawadziwa mawu akuti “muikeponso yotapira”. Wogulitsa amanena osachita manyazi, wogula naye amamva osakwiya, chifukwa onse awiri akudziwa kuti kwa ejenti ndalama idulidwa. Koma nkhani ikakhala ya kubanki, makamaka ndalama zochokera kunja kwa dziko, anthu omwewa pakamwa pamalemera. Invoisi inanena china, mu akaunti mwalowa china, kasitomala watumiza kale uthenga wakuti “ndalipira yonse, zikomo”, ndipo mwini ntchito angokhala chete poopa kuoneka waumbombo.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Lilongwe, katswiri wojambula mapulani a nyumba. Wajambula pulani ya bambo wina wa ku Malawi konkuno amene akukhala ku Indiana, m’dziko la Amereka, ndipo akufuna kumanga ku Area 49. Anagwirizana madola 1,800, invoisi inapita, bamboyo analipira kudzera kubanki yake. Patapita masiku angapo mayi uja aona kuti mu akaunti yake ya madola mwalowa 1,760. Madola 40 palibe. Manambalawa ndi ongoyerekeza, pakuti banki iliyonse ili ndi mitengo yake, koma kaduliridwe kake kamakhala kotere ndithu.

Mayiyu asathamangire kulemba kalata. Ayambe wafufuza kuti wadya madola 40 aja ndani, chifukwa kalata yonse yagona pamenepo.

Ndalama yochoka kubanki ya ku Amereka siiuluka n’kudzatera kubanki ya ku Lilongwe. Mabanki amatumizirana uthenga kudzera pa njira yotchedwa SWIFT, ndipo ngati mabanki awiriwo alibe akaunti kwa wina ndi mnzake, pakati pamalowa banki ina, nthawi zina ziwiri, zothandiza kupatsira ndalamayo. Madola kawirikawiri amadzera kumabanki a ku New York. Banki iliyonse yapakatiyi ikhoza kutapako yake isanapereke kutsogolo, ndipo pomaliza banki ya wolandira nayo imadula yolandirira.

Amene alipire machaji onsewa amasankhidwa ndi wotumiza, pa fomu kapena pa sikirini ya foni, posankha chimodzi mwa zilembo zitatu. `OUR` ndiye kuti wotumiza walipira machaji onse ndipo ndalama iyenera kufika yathunthu. `BEN` ndiye kuti zonse zidulidwe pa ndalama ya wolandira. `SHA` ndiye kugawana: wotumiza alipira banki yake yokha, zina zonse zapanjira zigwera wolandira. Mabanki ambiri amaika `SHA` ngati munthu sanasankhe kanthu, ndipo ena samufunsa n’komwe. Apa ndiye pamene pamabadwira mkangano. Bambo wa ku Indiana uja analembadi 1,800, banki yake inamudulanso ina pamwamba, ndiye mumtima mwake palibe ngongole. Sakunama. Mayi wa ku Lilongwe naye sakunama.

Mapepala awiri ndi amene amathetsa kukayika. Loyamba mayiyu alitenge kubanki yake: chikalata chosonyeza ndalama imene inafika pakhomo pa bankiyo ndi imene bankiyo inadula. Lachiwiri apemphe kwa kasitomala: umboni wa malipiro wochokera kubanki yotumiza, umene ogwira ntchito m’mabanki anazolowera kuutchula kuti `MT103`. Pa chikalata chimenechi mzere wa `33B` umasonyeza ndalama imene wotumiza analamula, `32A` umasonyeza imene yaperekedwa kubanki yotsatira, ndipo `71A` ndi pamene pali chimodzi mwa zilembo zitatu zija. Mabanki asamukira ku kalembedwe katsopano ka mauthengawa, kotero mungapeze `DEBT` m’malo mwa `OUR`, `CRED` m’malo mwa `BEN`, ndi `SHAR` m’malo mwa `SHA`, koma tanthauzo silinasinthe.

Pa nkhani yathuyi mapepala akusonyeza kuti bambo uja anatumiza 1,800 pa `SHA`, kubanki ya ku Lilongwe kunafika 1,775, ndipo bankiyo inadulapo 15. Tsopano madola 40 aja agawika pawiri: 25 anatsala panjira, 15 anadyedwa kuno.

Ine ndinganene kuti mayiyu apemphe 25 yokha. Madola 15 aja ndi mtengo wa banki imene anaisankha yekha, ndipo pokhapokha ngati anagwirizana poyamba kuti kasitomala alipira chilichonse, kuwaika pa mutu wa munthu wina n’kufooketsa pempho labwinobwino. Madola 25 ndi nkhani ina. Iwo anadulidwa chifukwa cha chisankho chimene wotumiza anapanga, kaya modziwa kapena mosadziwa, ndipo mtengo umene anagwirizana unali 1,800. Ngati pa invoisi panalembedwa kuti machaji a banki ndi a wolipira, ndiye palibe chokambirana. Ngati sipanalembedwe kanthu, mayiyu ali ndi chifukwa chomveka chopemphera, koma mawu ake akhale a munthu wopempha, osati wolamula.

Pali zinthu ziwiri zimene zimafanana ndi machaji koma si machaji ayi. Choyamba ndi kusintha kwa ndalama. Ngati madola alowa mu akaunti ya makwacha, banki imawasintha pa mtengo wake wogulira madola tsiku limenelo, umene umakhala wotsikirapo poyerekeza ndi wogulitsira. Ameneyo si mlandu wa kasitomala, choncho powerengetsera yerekezani madola ndi madola, osati makwacha amene munkayembekezera. Chachiwiri chimachitika kwambiri ndi makampani ndi mabungwe a m’dziko momwe muno: amadula msonkho asanalipire n’kukaupereka ku MRA monga lamulo likunenera. Pamenepo chofunika kupempha si ndalama, koma satifiketi ya msonkho wodulidwawo. Kulembera kampani kuti “banki yadula, tumizani yotsala” pamene iwo adula msonkho n’kudzichotsa ulemu pamaso pa akauntanti wawo.

Zonse zikadziwika, kalata yake siifuna mawu ambiri. Ikhoza kukhala imelo yotere:

“Wokondedwa bambo, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Zikomo kwambiri chifukwa cha malipiro a invoisi nambala 014 ya pulani ya nyumba yanu. Ndalama yafika, koma yoperewera pang’ono. Invoisi inali ya madola 1,800, ndipo kubanki yanga kwafika madola 1,775. Malinga ndi chikalata cha kubanki chimene ndaphatikiza pano, madola 25 adulidwa ndi banki yapakati chifukwa ndalamayi inatumizidwa pa `SHA`. Ndikudziwa kuti inu munatumiza yonse, ndipo mwina banki yanu sinakuuzeni kuti panjira idulidwa. Machaji a banki yanga kuno ndalipira ndekha, sindikuwawerengera. Ndikupempha kuti madola 25 otsalawa tiwaphatikize pa invoisi yotsatira ya ntchito yoyang’anira zomanga, imene nditumize kumapeto kwa mwezi uno. Potumiza ulendo umenewo chonde muwauze a kubanki kuti asankhe `OUR`. Ngati pali pamene sipakumveka, ndiuzeni tikambirane. Ine wanu,” kenako dzina ndi nambala ya foni.

Taonani mmene kalatayi yayendera. Yayamba ndi kuthokoza, chifukwa munthuyu walipiradi. Manambala atatu ali poyera, ya pa invoisi, yofika ndi yotsala, moti wowerenga safunika kutenga cholembera. Mlandu waperekedwa kwa mwini wake, amene ndi banki yapakati, ndipo chiganizo chakuti “ndikudziwa kuti inu munatumiza yonse” ndicho chimagwira ntchito yaikulu kuposa zonse, pakuti chimene kasitomala amaopa n’kuganiziridwa kuti wachita chinyengo. Mulibenso kupepesa kobwerezabwereza. Ife tinazolowera kuyamba ndi “pepani kukuvutitsani” n’kutsiriza ndi “pepaninso”, koma wopepesa katatu m’kalata imodzi amakhala ngati akuuza mnzake kuti ndalamayo angathe osalipira.

Mbali imene ambiri amaiphonya ndi njira yolipirira yotsalayo. Machaji a mabanki apakati nthawi zambiri sayenderana ndi kukula kwa ndalama. Amakhala mtengo umodzi, kaya mwatumiza zambiri kaya zochepa. Mayiyu akangonena kuti “tumizani madola 25”, bambo uja akapitanso kubanki yake, alipira yotumizira imene ingathe kuposa 25 yomweyo, banki yapakati idulanso yake, ya ku Lilongwe idulanso 15, ndipo mu akaunti simulowa kanthu. Kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. N’chifukwa chake kalata ija yapempha kuti yotsalayo ikwere pa invoisi yotsatira, pa mzere wakewake wolembedwa kuti “yotsala pa invoisi 014”. Ngati ntchito yathera pomwepo, mayiyu apereke njira yotsika mtengo: kampani yovomerezeka yotumiza ndalama imene imafikitsa pa foni, kapena m’bale wa bamboyo amene akuyang’anira malo ku Area 49 apereke makwacha, atagwirizana kaye mtengo wosinthira wa kubanki wa tsiku limenelo.

Kalatayi ipite msanga, m’sabata yomweyo imene ndalama yafika, kasitomala asanataye mapepala a kubanki. Ngati wolipira ndi kampani kapena bungwe, kufulumira n’kofunika koposa, chifukwa a ku ofesi ya zachuma akatseka mabuku a mwezi ndi kulemba kuti invoisi yalipidwa, kuitsegulanso chifukwa cha madola 25 kumafuna masiginecha. Kumeneko lemberani munthu amene munagwira naye ntchito, koma a zachuma alandirenso kope, ndipo afunseni ngati akufuna invoisi yapadera ya yotsalayo, pakuti ambiri sangatulutse ndalama popanda pepala. Risiti imene mupereke ikhale ya ndalama imene yafikadi, ndipo isonyeze yotsala. Mukalemba kuti “yalipidwa yonse” pofuna kusangalatsa munthu, mwadzitsekera nokha khomo.

Nanga akakana? Zimachitika. Ena amati lamulo la kampani yawo ndi `SHA` basi. Ena amasonyeza umboni kuti anasankha `OUR` koma ndalama inadulidwabe panjira, zimene zimachitikadi nthawi zina ndi madola odzera ku Amereka. Apo wofunsa ndi banki ya wotumiza, ndipo kasitomala ndiye angaipemphe kuti ilondole ndalamayo ndi nambala yake ya `UETR`. Mukakumbutsa kamodzi patapita sabata kapena awiri koma osayankhidwa, werengetsani. Madola 25 pa ntchito imodzi ya 1,800 sangakhale chifukwa chotayira kasitomala amene adzabweranso. Koma munthu amene amakulipirani madola 300 mwezi uliwonse, n’kumadulidwa 25 ulendo uliwonse, pakutha pa chaka mwataya madola 300, malipiro a mwezi wathunthu. Woteroyo mukambirane naye kuti azilipira kamodzi pa miyezi itatu, kapena machajiwo alowe mu mtengo wa ntchito.

Pa invoisi yotsatira, pansi pa nambala ya akaunti, mayi wa mapulani uja awonjezere mzere umodzi: “Machaji a banki yotumiza ndi a mabanki apakati ndi a wolipira, chonde sankhani `OUR` kuti ndalama ifike monga yalembedwera.” Mzere womwewo ukhalenso pa kotesheni, ntchito isanayambe, pamene mtengo ukadali kukambidwa.