Tchuthi cha Uchembere: Tsiku Limene Malipiro Amasanduka Theka

Pepala la malipiro limene limadzidzimutsa mayi wapatchuthi cha uchembere silikhala loyamba kapena lachiwiri. Limakhala lachitatu, mwana ali ndi mwezi ndi theka, matewera akutha ngati madzi, kenako ndalama yolowa kubanki n'kukhala yoperewera. Ambiri amathamangira kuganiza kuti a kuofesi ya malipiro asokoneza. Nthawi zina amasokonezadi, koma kawirikawiri chachitika n'chakuti masabata a malipiro athunthu atha pakati pa mwezi, ndipo a theka ayamba.

Ku Malawi, Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000, m'gawo 47, limapatsa mayi wapantchito masabata osachepera asanu ndi atatu a tchuthi cha uchembere, akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Pamenepa m'pamene lamulo laika malire apansi. Olemba ntchito ena amawonjezera masabata pamwamba pake, koma owonjezerawo amalipira theka. Za thekalo zimapezeka m'kalata ya ntchito kapena m'buku la malamulo a pakampani, ndipo mayi woyembekezera ayenera kuziwerenga mimba isanakule.

Tiyerekeze za mayi wogwira ntchito ya ukalaliki, wolandira K520,000 pamwezi msonkho usanachotsedwe. Kampani yake imapereka masabata 12: asanu ndi atatu a malipiro athunthu, anayi a theka.

Choyamba ndi kupeza malipiro a sabata imodzi, ndipo apa mpamene anthu ambiri amaterereka. Amagawa malipiro a mwezi ndi 4, poganiza kuti mwezi uli ndi masabata anayi. Masabata anayi ndi masiku 28 okha, pomwe mwezi uliwonse, kupatula Febuluwale, uli ndi masiku 30 kapena 31. Njira yolondola ndi kuchulukitsa malipiro a mwezi ndi 12 kuti apezeke a chaka chonse, kenako n'kugawa ndi masabata 52. Kwa mayi wathuyu, chaka chimakwana K6,240,000, ndipo sabata imodzi imatuluka K120,000. Theka lake ndi K60,000. Masabata anayi a theka aja ndiye kuti amuchotsera K240,000 yonse pamodzi.

Wogawa ndi 4 uja apeza K130,000 pa sabata, ndipo pochotsa theka lake kanayi, adula K260,000. Mayi waluza K20,000 chifukwa cha masamu achidule chabe.

Koma malipiro salowa pa sabata, amalowa pakutha pa mwezi, choncho kalendala iyenera kukhala pafupi. Tinene kuti tchuthi chayamba Lolemba pa 16 Malichi 2026. Masabata asanu ndi atatu ndi masiku 56, kuphatikizapo Loweruka ndi Lamlungu. Malichi atenga masiku 16, Epulo atenga 30, otsala 10 agwera mu Meyi. Malipiro athunthu atha pa 10 Meyi, theka liyamba pa 11 Meyi mpaka pa 7 Juni, ndipo mayiyu abwerera kuntchito Lolemba pa 8 Juni.

Malichi ndi Epulo adutsa bwinobwino, K520,000 yonse. Nkhonya igwa mu Meyi, pakuti masabata atatu a theka ali m'menemo: achotsa K180,000, itsala K340,000. Mu Juni muli sabata imodzi yokha ya theka, ndiye malipiro akhala K460,000. Amene ankawerengera kuti “miyezi iwiri ndi yonse, wachitatu ndi theka” ankayembekezera K260,000 mwezi umodzi basi, osadziwa kuti bala lagawika miyezi iwiri. Tsiku loyambira tchuthi likasuntha, kagawidweka kamasunthanso, ngakhale kuti ndalama yonse yodulidwa ikhala yomweyo. Mayi amene wachira msanga, tsiku limene anauzidwa kusikelo lisanakwane, ayambenso kuwerenga masiku 56 aja kuchokera tsiku limene wasiyadi ntchito.

Maofesi ena sawerenga masabata, amawerenga masiku a m'mweziwo. Mu Meyi amagawa K520,000 ndi 31, n'kulipira masiku 10 athunthu ndi masiku 21 a theka, ndipo imatuluka K343,871. Mu Juni amagawa ndi 30, imatuluka K459,333. Zonse pamodzi mayi wadulidwa ndalama yochepera ndi K3,200 kapena kupitirira pang'ono poyerekeza ndi njira ya masabata. Kusiyana kwa mtundu uwu sikuba, n'kusiyana kwa kawerengedwe. Chofunika n'chakuti ofesi itchule njira yake ndipo isaisinthe pakati pa tchuthi. Kusiyana kukafika K20,000 kapena kuposa pa malipiro ngati awa, pali choti chifunsidwe.

Funso limene limabisa ndalama zambiri ndi lakuti: theka la chiyani? Malipiro a anthu ambiri amakhala ophatikiza. Tinene kuti mu K520,000 ija, K400,000 ndi malipiro enieni ndipo K120,000 ndi alawansi ya nyumba. Ngati buku la kampani likunena theka la malipiro enieni okha, alawansi ikhala yonse, ndipo mayi aluza pafupifupi K185,000 m'malo mwa K240,000. Gawo 47 lomwe lija limanena kuti zimene mayi amalandira nthawi zonse, ufulu wake wa m'mgwirizano wa ntchito ndiponso zaka zake za pantchito zipitirire osadukiza pamene ali patchuthi. Ndiye m'masabata asanu ndi atatu a lamulo, kuimitsa alawansi ya nyumba n'kovuta kukuikira kumbuyo. Mkangano umakhala pa masabata owonjezera, ndipo umatha ndi zimene zinalembedwa. Yankho lapakamwa la abwana, ngakhale akhale okoma mtima, silithandiza tsiku la malipiro ngati iwo apita kumsonkhano ku Mangochi.

Ndalama yofika m'manja nayo siyenda ndendende ndi theka. Msonkho wa PAYE umatsika, chifukwa gawo loyambirira la malipiro silidulidwa msonkho ndipo chimene chachoka ndi cha pamwamba, chimene chimadulidwa kwambiri. Penshoni ya wantchito, K5 pa K100 iliyonse, imatsika limodzi ndi malipiro amene imawerengedwapo. Koma ngongole ya kubanki imene amadulira kuntchito siidziwa za uchembere. Mayi wobweza K90,000 pamwezi adzadulidwa K90,000 yomweyo mu Meyi, pa K340,000 imene msonkho ndi penshoni zatapapo kale. Banja limene lawerengeratu zimenezi mu Febuluwale likhoza kupatula kangachepe m'miyezi iwiri ya malipiro athunthu, kapena kukapempha kubanki kuti asunthe mwezi umodzi.

Pali makampani amene amalemba masabata asanu ndi limodzi athunthu ndi ena asanu ndi limodzi a theka, n'kumati kuphatikiza zonse zikukwana malipiro a masabata asanu ndi anayi, kuposa a lamulo. Masamu ake ndi oona, koma mawu a lamulo akunena masabata asanu ndi atatu a malipiro athunthu, ndipo mayi wofuna kubwerera kuntchito masabata amenewo akatha ndiye kuti walandira malipiro a masabata asanu ndi awiri okha. Ena amasokoneza ndi tchuthi cha matenda cha m'gawo 46, chimene chimapereka masabata anayi athunthu ndi asanu ndi atatu a theka kwa amene wakwanitsa chaka pantchito. Zikatere, mayi atenge kalata yake ya ntchito, mapepala a malipiro a miyezi itatu tchuthi chisanayambe ndi kalata yomuloleza tchuthi yokhala ndi masiku ake, apite nazo ku ofesi ya leba ya m'boma lake. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku khoti loweruza milandu ya pantchito.