Kodi maminibasi a mu Blantyre amayenda maulendo angati pa tsiku?

Palibe amene angaime pa Mibawa, ku Limbe ndi ku Ndirande nthawi imodzi n'kumawerenga minibasi iliyonse yomwe yanyamuka. Komabe munthu wokhala ndi pensulo angathe kulondola yankho, bola agwirizane kaye kuti ulendo n'chiyani. Pano ulendo ndi kuchoka pa siteji kukafika kumapeto kwa njira. Kubwerera ndi ulendo wina.

Chiwerengero chodalirika n'chimodzi chokha: kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mu mzindawu. Zotsalazo n'zongoyerekeza. Tinene kuti pa anthu anayi alionse, mmodzi amakwera minibasi tsiku limenelo. Amenewo ndi anthu 200,000, ndipo popita ndi pobwera akwera ka 400,000. Koma wochokera ku Bangwe kupita ku Chilomoni amasintha minibasi panjira, choncho tiwonjezere 100,000, zikwane 500,000.

Nanga kondakitala amatolera ndalama kwa anthu angati pa ulendo umodzi? Apa ambiri amaphophonya chifukwa amangowerenga mipando. Mpando umodzi ukhoza kulipiridwa kawiri, wina akatsika pa Ginnery Corner wina n'kukwera. Komanso minibasi yomwe yabwera yodzaza kuchokera ku Machinjiri m'mamawa imabwerera ndi anthu ochepa. Tikati anthu 15, maulendo akukwana 33,000.

Chiwerengerochi chikuoneka chaulemu papepala, koma chiyenera kuyesedwa pamsewu. Maminibasi akamayenda maola 15, ndiye kuti m'tauni yonse mukunyamuka maulendo 2,200 pa ola, kapena kuti 37 pa mphindi. Tikawagawa pa njira zikuluzikulu khumi, njira iliyonse ikuyenera kuona maminibasi pafupifupi anayi pa mphindi, kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Mu msewu wa Masauko Chipembere nthawi yopita kuntchito, zimenezo n'zotheka. Koma aliyense amene anakhalapo m'minibasi ya ku Chilobwe masana, woitanira akukuwa kuti watsala munthu mmodzi pamene mipando ili mbee, akudziwa kuti sizikhala choncho tsiku lonse.

Vuto lili pa mmodzi mwa anayi uja. Mwa anthu 800,000 aja, ambiri ndi ana ophunzira pafupi ndi kwawo. Akuluakulu ochuluka amayenda wapansi kuchokera ku Ndirande kupita ku mafakitale a ku Makata, ndipo kabaza wa njinga zamoto walanda ena. Tikati mmodzi pa asanu ndi atatu, maulendo akutsika kufika pa 16,500, maminibasi awiri pa mphindi m'njira iliyonse.

Madalaivala angathandize kutsimikizira. Ngati minibasi imodzi imayenda maulendo 12 pa tsiku, maulendo 16,500 akufuna maminibasi pafupifupi 1,400, pamene 33,000 akufuna oposa 2,700. Yankho loyenera kuperekedwa ndi lakuti maulendo ali pakati pa 15,000 ndi 30,000 pa tsiku la ntchito, ndipo Lamlungu liwerengedwe palokha.