Kalata ya wa kufamase kwa makolo: mankhwala a mwana akachuluka

Makolo, mwana wanu wabwera kunyumba ndi mankhwala angapo: LA wa malungo, Panado wa kutentha thupi, ndi mankhwala a chifuwa omwe mwagula pagolosale. Tiyeni tikonze nthawi yake.

LA amamwedwa masiku 3. Mukampatsa koyamba, dikirani maola 8 musanampatsenso. Masiku awiri otsatirawo mpatseni m'mawa ndi madzulo. Amwere pa chakudya chamafuta, monga phala lansinjiro kapena mkaka, chifukwa mafutawo amathandiza mankhwalawo kulowa bwino m'magazi. Akasanza asanathe mphindi 30, mpatseninso, kenaka mukatenge ena kuchipatala kuti akwane. Musasiye panjira ngakhale mwana atayamba kusewera.

Panado musampatse maola 4 asanakwane, ndipo musapitirire kanayi pa tsiku. Ngozi ili pa mankhwala a chimfine ndi chifuwa: ena ali kale ndi parasitamo, yemwenso ndiye Panado. Kuwaphatikiza kumawononga chiwindi. Werengani pabotolo, kapena bwerani nalo tione. Asipirini ayi, musampatse mwana konse.

Lembani nthawi iliyonse papepala, kuti agogo akatsala naye asabwereze zomwe mwampatsa kale.