Ziro Akamanama: Kuwerenga Veniya Kalipa ndi Maikulomita pa Mayeso

Rula wamba amalekera pa milimita imodzi. Koma pa mayeso a fizikisi a m'labotale, ngati a Fomu 4 omwe bungwe la MANEB limalembetsa, wophunzira angauzidwe kuti ayeze kunenepa kwa kawaya kosakwana ndi milimita yomwe. Apa mpomwe pamafunika veniya kalipa ndi maikulomita. Ambiri amadziwa kugwira zida ziwirizi, koma malikisi amatayika pa kanthu kamodzi: sayamba aona ngati chidacho chikuwerenga ziro chisanagwire kalikonse.

Veniya anaitchula dzina la Pierre Vernier wa ku France, amene anafotokoza kawerengedwe kake mu 1631. Ili ndi masikelo awiri, yaikulu yosasuntha ndi yaing'ono yotsetsereka. Pa veniya zambiri za m'sukulu, magawo 10 a sikelo yaing'ono amakwana mamilimita 9 a sikelo yaikulu. Ndiye kuti gawo lililonse limaperewera ndi 0.1 mm, kapena kuti 0.01 cm, ndipo kameneka ndiko kamuyezo kochepetsetsa komwe chidachi chingathe kuona.

Tiyerekeze kuti nsagwada za veniya zagwira kabotolo koyeseramo mankhwala. Choyamba ndi kuona pomwe ziro wa sikelo yaing'ono waima: wangodutsa 1.6 cm koma sanafike pa 1.7 cm. Chachiwiri ndi kufufuza kamzere ka sikelo yaing'ono komwe kalunjikana ndendende ndi mzere wina wa sikelo yaikulu. Kakakhala kachinayi, pawonjezedwe 0.04 cm, yankho n'kukhala 1.64 cm. Diso liyenera kukhala pamwamba penipeni pa mizereyo, chifukwa woyang'ana chammbali amasankha kamzere koyandikana nako.

Komabe 1.64 cm si yankho lomaliza. Veniya yomwe yagwapo pansi kapena yatha ndi ntchito imanama ngati sikelo ya ogula chimanga yomwe imaonetsa kulemera asanakolekepo thumba. Nsagwada zikatsekedwa, maziro awiri aja ayenera kulunjikana. Ziro wa sikelo yaing'ono akakhala kumanja, ndiye kuti chidacho chikuwonjezera. Ngati kamzere kachiwiri ndiko kalunjikana, cholakwacho ndi +0.02 cm, ndipo kabotolo kaja ndi 1.64 − 0.02 = 1.62 cm.

Povuta ndi pamene ziroyo wapita kumanzere. Apa chidacho chikubera, ndipo timizere timawerengedwa chobwerera kuchokera pa 10. Kamzere ka nambala 7 kakalunjikana, cholakwacho si 0.07 cm ayi, koma −0.03 cm, chifukwa kuchoka pa 10 kufika pa 7 pali magawo atatu. Lamulo silisintha: pa zomwe zawerengedwa, pachotsedwe cholakwacho pamodzi ndi chizindikiro chake. Motero 1.64 − (−0.03) = 1.67 cm.

Maikulomita, yomwe Jean Laurent Palmer anapanga ya m'manja ku France mu 1848, imayendera sikuluwu. Chogwirira chake chikazungulira kamodzi, kachitsulo kopanira kamayenda 0.5 mm, ndipo popeza m'mphepete mwa chogwiriracho muli magawo 50, gawo limodzi ndi 0.01 mm. Pa mpini wosasuntha pali mzere wautali. Mbali ina ya mzerewo kuli timizere ta mamilimita athunthu, mbali inayo ta theka la milimita.

Timizere ta theka timeneti n'tomwe timagwetsa anthu. Poyeza waya, ngati pa mpini pakuoneka 0 ndi kamzere ka theka, kwinaku chogwirira chikuloza 28, muyezo ndi 0.50 + 0.28 = 0.78 mm. Wophunzira wothamangira nthawi saona kamzere ka thekako, n'kulemba 0.28 mm. Akagwiritsa ntchito nambalayi mu A = πd²/4, yankho limachepa pafupifupi kasanu n'katatu, ndipo masamu onse otsatira amasokonekera pomwepo.

Nayonso maikulomita iyenera kutsekedwa kaye, atapukuta nkhope zake ziwiri, poti fumbi lokha limatha kuwonjezera magawo angapo. Ikatsekedwa n'kuloza 2, cholakwa ndi +0.02 mm, ndipo waya uja ndi 0.76 mm. Ikaloza 47, ziro wapitirira mzere ndi magawo atatu, cholakwa ndi −0.03 mm, waya ndi 0.81 mm. Potseka, agwire kachitsulo ka kumapeto komwe kamalira kuti ke-ke-ke kakafika pothina. Kumanga ndi mphamvu pa chogwirira chachikulu kumaphwatalitsa waya wa kopa, komanso n'komwe kumasuntha ziro.

Waya sakhala wofanana paliponse, choncho amayezedwa malo atatu, n'kupeza avereji. Papepala la mayankho palembedwe cholakwa cha ziro ndi chizindikiro chake, zomwe zawerengedwa, kenako muyezo wokonzedwa. Manambala awiri a pambuyo pa kadontho asasiyidwe: maikulomita ikaloza 0.8 ndendende, palembedwe 0.80 mm, osati 0.8 mm.