Kuchotsera kuwiri pa invoisi imodzi

Mwini golosale wa ku Mulanje waoda matumba 100 a mpunga kwa wogulitsa zinthu mopikulitsa ku Limbe, pa ngongole. Mtengo wolembedwa pa thumba ndi K20,000, kutanthauza K2,000,000 onse pamodzi. Pa invoisi pali kuchotsera kuwiri: 10% chifukwa wagula zambiri, ndi 2% ina ngati alipira pasanathe masiku 10, m'malo modikira masiku 30. Anthu amati zonsezi ndi disikaunti, koma m'mabuku a ndalama siziyenda njira imodzi.

## Kuchotsera kwa pa malonda

10% ija ndi mtengo chabe womwe awiriwa agwirizana. Imachotsedwa pomwepo polemba invoisi: K2,000,000 kuchotsa K200,000, kutsala K1,800,000. Wogulitsa amalemba kuti wagulitsa za K1,800,000, wogula amalemba kuti wagula za K1,800,000, nkhani yatha. K200,000 ija ilibe akaunti yake, chifukwa palibe amene anali ndi ngongole ya ndalama imeneyo.

## Kuchotsera kolipirira msanga

2% ndi nyambo yoti ndalama ibwere mwachangu. Pa mainvoisi ena imalembedwa mwachidule kuti `2/10, net 30`. Vuto lake n'loti tsiku logulitsalo palibe amene akudziwa ngati wogula adzalipiradi msanga.

Imawerengedwa pa mtengo wotsala, osati woyamba uja. 2% ya K1,800,000 ndi K36,000, choncho wolipira msanga amapereka K1,764,000. Mukaona wina wapeza K40,000, dziwani kuti wawerengera pa K2,000,000.

Musaipeputse poona kuchepa kwake. Kusunga K36,000 chifukwa cholipira masiku 20 nthawi isanakwane kukufanana ndi chiwongoladzanja cha pafupifupi 37% pachaka. Wogula amene ali ndi ndalama m'manja aganize kawiri asanausiye mwayi wotere, ndipo wogulitsa adziwe kuti akuigula ndalama yachanguyo pamtengo wokwera.

## M'mabuku a wogula

Kuno n'kosavuta. Tsiku logula, akaunti ya zogula imalowa debiti K1,800,000, ya wogulitsa uja kirediti K1,800,000. Akalipira tsiku la 8, ngongole yonse iyenera kufufutika: debiti K1,800,000 ku akaunti ya wogulitsa, kirediti K1,764,000 ku banki, ndi kirediti K36,000 ku akaunti ya zochotsera zolandira. Imeneyi imakweza phindu lake. Akachedwa, amalipira K1,800,000 yonse ndipo palibenso china cholemba.

## M'mabuku a wogulitsa

Apa pali njira ziwiri, ndipo ndi pomwe ophunzira ambiri amasokonekera.

Njira yakale, yomwe imayenda ndi buku la ndalama la mizere itatu, imalemba malonda onse K1,800,000 poyamba. Ndalama ikabwera msanga, banki imalowa debiti K1,764,000, akaunti ya zochotsera zoperekedwa debiti K36,000, ndipo akaunti ya kasitomala kirediti K1,800,000. K36,000 ija imaoneka ngati ndalama yomwe bizinesi yagwiritsa ntchito, pamodzi ndi lendi ndi malipiro a antchito.

Makampani otsata muyezo wa IFRS 15, womwe unayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2018, sachitanso choncho. Muyezowu umafuna kuti malonda alembedwe pa ndalama yomwe wogulitsa akuyembekezadi kulandira. Ndiye tsiku logulitsa lomwelo ayenera kuona mbiri ya kasitomala wake.

Ngati wa ku Mulanje uja amalipira msanga nthawi zonse, wogulitsa amalemba debiti K1,764,000 kwa kasitomala ndi kirediti K1,764,000 ku malonda. Akalipiradi msanga, zonse zimathera pamenepo. Koma akachedwa n'kudzapereka K1,800,000, K36,000 yapamwambayo imalowa kirediti ku malonda. Ngati ndi munthu wozolowera kuchedwa, malonda amalembedwa K1,800,000. Akadzadabwitsa polipira msanga, K36,000 imachotsedwa ku malondawo ndi debiti. Ndimaona kuti njira iyi ndi yachilungamo, chifukwa siikuza chiwerengero cha malonda ndi ndalama yomwe sinalowe m'thumba.

## Mudziwa bwanji kuti chalakwika

Yang'anani akaunti ya kasitomala kapena ya wogulitsa mukatha kulipirana. Ngati patsala K36,000 yomwe palibe akuilonjerera, wina walemba ndalama yolowa kapena kutuluka ku banki n'kuiwala kuchotsera kuja. Wowerenga mabukuwo angayambe kuvutitsa kasitomala ndi ngongole yomwe kulibe.

Koma musafulumire kuifufuta. Onani kaye tsiku lomwe ndalamayo inafika. Makasitomala ena amalipira tsiku la 15 atadzichotsera okha 2%. Pamenepo K36,000 ndi ngongole yeniyeni, ndipo imakhalabe m'buku mpaka ailipire kapena mwini bizinesi avomereze molemba kuti waikhululuka.